SUNGANI TSIKU: Tamandani ndi Yamikani, Loweruka pa 16 Okutobala 2027, ku Mangochi

Amayi ndi abambo athu, amalume, azakhali, alamu, achimwene ndi achemwali, anzathu akuntchito ndi akutchalitchi, moni nonse. Ndine Tamandani, ndikulemba m'malo mwa tonse awiri chifukwa a Yamikani akanalemba okha bwenzi uthengawu uli mizere iwiri basi.

Zatheka! Ankhoswe mbali zonse agwirizana, ukwati wathu udzachitika Loweruka pa 16 Okutobala 2027 ku Mangochi. Kudalitsa ndi 9 koloko m'mawa ku tchalitchi cha CCAP pa boma, madyerero kuyambira 1 koloko masana pa loji ina ya m'mbali mwa nyanja cha ku Nkopola, msewu wopita ku Monkey Bay uja. Iyi si khadi ayi, makhadi enieni atuluka mu Ogasiti ndipo dzina la loji ndi pulogalamu yonse zidzakhala mmenemo. Pano tikungoti lembani tsikuli pa kalendala, amene mumapempha tchuthi kwa abwana yambani kupempha.

Ena afunsa kale kuti bwanji ku Mangochi pomwe tonse timakhala ku Blantyre. Ndi chifukwa cha agogo anga. Miyendo inawavuta, ulendo wa pa galimoto sangaukwanitsenso, ndiye iwo amene anandilera sangamve za ukwati wanga pa foni, ife ndi amene tiwatsatire.

Tsopano nkhani yaikulu imene ndakulemberani msanga chonchi ndi ya malo ogona, chonde werengani bwino apa. Pa 15 Okutobala ndi tsiku la anakubala, chaka chimenecho likugwa Lachisanu, ndiye mbali ina ndi zabwino poti ndi holide muyenda mosathamanga, koma mbali inayi mukudziwa nokha mmene kunyanja kumakhalira tsiku la anakubala, aliyense amatenga mayi ake kupita nawo ku Mangochi, makosta a magulu a amayi ndi amabanki mkhonde mbwee, malo ogona amatha kukadali miyezi. Amene akuganiza kuti "ndikaona konko" akagona m'galimoto, ndipo galimoto ya mu Okutobala ku Mangochi ndi uvuni.

Zimene takonza ndi izi. Pa loji ya madyerero atisungira zipinda 14, cha anthu awiri K95,000 usiku umodzi ndi chakudya cha m'mawa, zili ndi eyakoni. Izi tikupempha kuti tiyambe taikamo makolo, achikulire ndi amene ali ndi makanda, anyamata musakwiye. Pa Makawa pali kaloji kena kotchipirako, K45,000, muli fani ndi neti ya udzudzu, bafa ndi la m'chipinda momwemo, ndinapita kukaona ndekha mpaka kutsegula mpopi ndi kutukula matilesi, ndi paukhondo ndithu koma musayembekezere zambiri, chakudya mudzigulira. Pamenepo tagwira zipinda 20. Pa boma palinso malo ogona a K25,000 kapena kucheperapo, ndi pafupi ndi tchalitchi koma kutali ndi madyerero. Amayi a mvano ndi achibale amene mwazolowera kugona pamodzi pa ukwati, kwa agogo ku Mpondasi malo alipo aulere, mungotenga chitenje chofunda ndi neti yanu, mphasa ndi matilesi angapo tipeza.

Mitengoyi ndi ya lero, mukudziwa mmene zinthu zikukwerera, eni maloji anena kuti amene walipira theka ngati dipoziti pofika pa 31 Julayi mtengo wake sudzasintha. Likadutsa tsikuli zipinda zotsala azipereka kwa anthu ena ndipo ife sitidzatha kuwakaniza. Dipoziti muzitumiza kwa msungichuma wa komiti, alamu anga a Chisomo, pa Airtel Money kapena Mpamba, nambala yawo ili pamwamba pa gulupu ya WhatsApp ya ukwati. Mukatumiza jambulani uthenga wotsimikiza uja muwatumizire ndi dzina lanu lonse. Wina akakuimbirani pa nambala yachilendo kuti tumizani kuno, ameneyo si ife.

Za mayendedwe. A ku Blantyre tachita hayala kosta ziwiri, zidzanyamuka Lachisanu 9 koloko m'mawa ku Limbe, kudutsa Zomba, Liwonde, Ulongwe mpaka pa boma, a ku Zomba ndi Liwonde tidzakutolani panjira mukanena msanga. K40,000 munthu mmodzi kupita ndi kubwera, kubwerera Lamulungu 10 koloko. 9 koloko yake ndi ya pa wotchi, adalaivala tawauza kuti asadikire munthu ngakhale atakhala azakhali a mkwati. A ku Lilongwe kosta ilipo imodzi ngati mungakwane anthu 25, mukapanda kukwana tikulumikizani ndi amene akubwera pa galimoto zawo muzisonkherana mafuta.

Oyendetsa nokha kuchokera ku Lilongwe, njira yachidule ndi ya Dedza kenako kukhotera pa Masasa kutsika Khwekhwelere mpaka Golomoti, koma msewu umenewuja ndi wokhotakhota komanso wotsetsereka kwambiri, onetsetsani mabuleki ndipo tsikani kukuwala. Amene simuufuna zungulirani ku Salima, ndi kotalikirapo koma mtima uli m'malo. Mukatulukira mbali imeneyo mumayamba kufika ku maloji musanafike pa boma, musapitirire. A ku Mzuzu tsatani msewu wa m'mbali mwa nyanja, Nkhata Bay, Nkhotakota, Salima, ndi ulendo wa tsiku lonse ndiye lawirani. Ndipo nonse thirani mafuta okwanira kumene mukuchokera, komanso usiku msewu wa Monkey Bay mumakhala njinga zopanda nyali, mbuzi ndi anthu oyenda pansi, yendani pang'onopang'ono.

Achimwene ndi achemwali a ku Joni ndi ku Mangalande, gulani matikiti akadali otchipa. Mukatera pa Chileka pofika Lachinayi mukwera nafe kosta ya ku Limbe, mungotiuza tsiku ndi nthawi ya ndege.

Pa tsikulo padzakhala basi yonyamula anthu kuchoka pa Makawa 8 koloko kupita ku tchalitchi, kenako ku madyerero, madzulo kukutulani kumene mukugona. Imeneyo ndi yaulere, talipira ife.

Tinthu tina pang'ono. Kumatentha zedi, abambo a masuti atatu aja ganizani kawiri, azimayi nsapato za gogoda zimalowa mumchenga. Mtundu wa tsikulo ndi wobiriwira ndi wagolide, chitenje cha ukwati chifika mu Juni tidzaika chithunzi pa gulupu. Nyama yonse idzakhala ya halaal poti abale ambiri akuchimuna kwa mayi anga ndi Asilamu, chambo nachonso chilipo musadandaule. Ndalama za perekaniperekani sinthiranitu kwanu, holide ngati imeneyi ma ATM a pa boma amakhala ndi mizere. Ana abwere, koma kunyanja asapite okha, ndipo akuluakulu omwe sambani pokhapo pamene eni loji akulozerani, malo a bango aja kumakhala ng'ona ndi mvuwu.

Chimene tikufuna kwa inu pofika pa 30 Epulo, ngakhale ndalama musanatumize: mukubwera kapena ayi, muli angati kuphatikiza ana, mugona masiku angati komanso kuti, ndipo mukwera kosta kapena muli ndi galimoto yanu, ngati muli ndi mipando yotsala tiuzeninso. Yankhani kwa ine pa nambala yomwe ino kapena kwa a Chisomo, osati pa gulupu chonde, mayankho amasowa m'kati mwa mastika. Amene muli pafupi ndi achikulire opanda WhatsApp awerengereni uthengawu.

Zikomo kwambiri, Ambuye akudalitseni.

Tamandani ndi Yamikani