Phala la Akamwini

Chimfine chinalowa m'nyumba mwathu ndi Yamikani. Anabwera nacho kuchokera kusukulu Lachisanu, mamina ali chuchuchu, n'kukagona pamiyendo pa agogo monga amachitira masiku onse. Pofika Lamulungu iye anali atayamba kale kuthamangitsa mpira kuseri kwa nyumba. Agogo ndiwo anatsala nacho.

Unali mwezi wa Julaye. Anthu a ku Blantyre amatiseka tikamati ku Nchalo kwazizira, amati ife a kuchigwa tinazolowera ng'anjo. Koma mwera ukamawomba m'bandakucha, munthu wa zaka 78 amaumva m'mafupa. Inalinso nyengo yodula nzimbe, ndipo akaotcha minda, phulusa lakuda limagwa pabwalo ngati nthenga za nkhuku. Agogo sankafuna kuliona phulusa limenelo. Tambala wachiwiri akangolira, ndinkamva tsache lawo likukwakwaza panja. Lolemba m'mawa tsachelo silinamveke.

Ine ndimagona nawo chipinda chimodzi chibwerereni kuchokera ku Makhanga mu 2023, madzi a namondwe wa Freddy atagwetsa nyumba yawo n'kukokolola mbuzi zonse. Nditawagwira pamphumi, kunali kutentha ngati mbaula.

"Ndi malungo awa," anatero. "Ndimawadziwa ine. Andibaye jakisoni basi."

Amayi sanapite kumsika tsiku limenelo. Tomato wawo anamusiya m'manja mwa mayi woyandikana naye benchi, n'kuwakweza agogo pakabaza. Kuchipatala anawabaya chala, anadikira mphindi zingapo, kachipangizo kaja n'kuonetsa mzere umodzi wokha. Malungo mulibe. Adokotala anati ndi chimfine chachikulu, ndipo mankhwala a malungo kapena makapisozi sangachiphe. Anawapatsa panado, nati azimwa madzi ambiri ndi kupumula. Kenako anawayang'ana amayi m'maso.

"Kwa inu ndi ine chimatha chokha pakadutsa sabata. Koma kwa okalamba chimatha kutsikira m'chifuwa. Mukaona akupuma mothamanga, akumva kubaya m'nthiti, kapena akuyankhula zosokonekera, musadikire kuti kuche."

Agogo anabwerako atakwiya. Ulendo wonse uja, ndalama ya kabaza, kungokatenga panado wopezeka pa okala iliyonse!

Pali chinthu china chimene muyenera kudziwa cha m'nyumba mwathu. Agogo ndi mayi wa amayi anga, choncho bambo ndi mkamwini wawo. Nyumba ndi ya zipinda ziwiri ndi pabalaza, koma zaka zonsezi anthu awiriwa sanadyerepo malo amodzi. Bambo akamalowa, agogo amatulukira khomo lakuseri. Akakumana mwangozi pakhonde, agogo amapotoloza nkhope, bambo amawomba m'manja chapansipansi atayang'ana kunkhuku. Uthenga wonse umadzera mwa ine. "Tadala, kawauze akamwini kuti denga likudontha." Bambo amakhala ali pomwepo, akumva ndi makutu awo, komabe amadikira kuti ine ndibwereze. Anzanga a kusukulu amati ndi zachikale. Ine sindinaonepo anthu olemekezana ngati awiriwa, kungoti ulemu wake umatopetsa miyendo ya wotumidwa.

Lachiwiri linapita ndi mandimu. Amayi anawiritsa madzi ndi jinja, kufinyiramo mandimu, kuika m'fulasiki. Agogo ankamwa makapu awiri, kapu yachitatu n'kukankha. Mayi wa nyumba yoyandikana nafe anabwera ndi masamba a bulugamu kuti tiwafukize, koma amayi anakana zowafunditsa bulangete pamwamba pa mphika wowira munthu amene akulephera kukhala tsonga. Anangoika beseni la madzi otenthawo pakona kuti fungo lizimveka. Madzulo ndinawapeza agogo atagwira chitseko, akufunafuna tsache. Bambo atamva, analitenga n'kuliponya padenga.

Lachitatu amayi nawo anagwa. Mutu, msana, kuzizidwa, mawu n'kutha. Anagona kuchipinda kwawo atadzikulunga zitenje ziwiri, akungoloza ndi dzanja. Ine ndinali ndi mayeso a masamu m'mawa umenewo, ndipo bambo anati ndisajombe. Iwo anapempha mnzawo kuti asinthane shifiti ya thalakitala.

Nditabwera masana ndinapeza utsi uli tolo kukhitchini. Bambo anali atagwada pambaula, mthiko m'manja, akulimbana ndi phala. Ufa anauthira wonse nthawi imodzi m'madzi owira. Mibulu yake inali ngati masau. Anayesa kuiphwanya ndi supuni, anathiramo nsinjiro, anathiramo shuga wochuluka, kenako anandipatsa mbale mosandiyang'ana.

"Usanene kuti ndaphika ndine."

Agogo anayang'ana phalalo nthawi yaitali. Anatola m'bulu umodzi, kuufinya ndi zala, ufa wouma n'kutuluka m'kati.

"Mayi ako sangaphike chonchi ngakhale atadwala bwanji," anatero ndi mawu osasa. Anadya masupuni asanu. Chiyambire Lolemba anali asanadyepo choposa pamenepo.

Usiku wa Lachinayi magetsi anazima cha m'ma 9. Ndinagona pamphasa, pafupi ndi bedi lawo, neti titaikunga bwinobwino chifukwa udzudzu wa kuno sudziwa kuti kuli chisanu. Chinandidzutsa si chifuwa ayi. Chifuwa ndinali nditachizolowera. Anali mawu.

"Madzi alowa. Kwezani mapira pamwamba. Bwato lili kuti?"

Ndinayatsa tochi ya foni. Maso awo anali otsegula, koma sankandiona ine. Ankaitana agogo aamuna, amene anamwalira ine ndisanabadwe, kuti amasule bwato Ruo asanakumane ndi Shire pakhomo. Chifuwa chawo chinkakwera ndi kutsika ngati cha nkhuku yothamangitsidwa, dzanja atagwira nthiti zakumanja. Ndinakumbukira zimene tinaphunzira m'kalasi, ndinaika foni pa mphindi imodzi n'kuyamba kuwerenga. Ndinafika 34. Ndinadziwerengera ndekha: 17.

Sindikumbukira kuti ndinakuwa chiyani. Ndimangokumbukira bambo ataima pakhomo la chipinda chathu, khomo limene sanalidutsepo chibwerereni agogo. Anaima pamenepo kanthawi kochepa kwambiri, phazi limodzi m'mwamba. Kenako analowa.

"Amayi, mundikhululukire," anatero, n'kugwada chofulatira. "Tadala, akweze kumsana."

Amayi anatuluka akudzandira, akufuna kutsagana nafe, koma bambo anawabweza. "Mayi a Tadala, mukagwera panjira ndibereka anthu awiri? Khalani ndi mwana." Amayi anangomanga chitenje chawo kuzungulira agogo ndi bambo, mfundo pachifuwa, monga amamangira khanda.

Wanjinga yamoto amene timamudalira foni yake inali yozima. Tinauyamba wapansi kulowera kumsewu waukulu, ine patsogolo ndi tochi ndi buku la kuchipatala la agogo. Chakumadzulo kunkaoneka chiyaka cha munda wa nzimbe umene ankaotcha, ndipo phulusa linkatigwera m'mutu. Agalu ankauwa nyumba ndi nyumba. Tili pakati panjira agogo anatsitsimuka pang'ono.

"Wandibereka ndani?"

Palibe anayankha. Ndinamva bambo akupuma mwamphamvu.

"Tadala, ndati wandibereka ndani?"

"Ndi bambo, agogo."

Kunali zii. Kenako ndinaona dzanja lawo likukoka nsonga ya mpango n'kudziphimba kumaso. Anayenda choncho, nkhope yobisa, tsaya lili pamsana pa mkamwini wawo, mpaka pamene galimoto ina yonyamula makala inatiimira pamsewu.

Kuchipatala namwino anawapana chala ndi kachipangizo kowala, anawerenga manambala, sanatiuze kanthu koma anafulumira. Adokotala anamvetsera kumsana ndi kunthiti, nati chimfine chija chatsegulira njira chibayo. Anawaika timapaipi ta mpweya m'mphuno. Jakisoni amene ankamulirira Lolemba uja anamupeza tsopano, wodzera mumtsempha wa padzanja.

"Mwachita bwino kubwera usiku womwe uno," anatero adokotala. Bambo anangogwedeza mutu. Malaya awo anali atanyowa ngati agwera mumtsinje. M'wodi ya amayi samalola amuna kugona, choncho anakakhala pabenchi panja mpaka kunacha, n'kuchokera pomwepo kupita kuntchito.

Tinakhalamo mausiku anayi. Za m'wodi sindinena zambiri: kugona pansi pa bedi, kutsuka mbale pampopi, kudikira nthawi ya mankhwala. Azakhali a ku Bangula anabwera Loweruka ndi thobwa ndi nkhani za maliro a anthu atatu amene agogo ankawadziwa, mpaka namwino anachita kuwatulutsa. Amayi a mpingo anabwera kudzaimba. Bambo ankafika madzulo alionse, kuima pawindo, kundipatsa kontena. Amayi anali asanadzuke bwino, choncho ophika anali omwe aja. Mibulu inkachepa tsiku ndi tsiku. Lamulungu munalibe ngakhale umodzi, koma mchere anaiwala.

Lolemba anatitulutsa, atatipatsa makapisozi oti amalize onse ngakhale atamva bwino. Agogo anatsika pakabaza okha, anayang'ana bwalo lodzaza phulusa la sabata yonse, anapukusa mutu. Asanakhale n'komwe anaitanitsa nsima ya mapira ndi mlamba wowamba. Amayi anaseka koyamba sabata imeneyo, kuseka kothera m'chifuwa.

Tikudya, kuchipinda kunamveka kuyetsemula. Kawiri, katatu, kenako kubuula kwa munthu wamkulu.

Agogo anasiya mbamu m'mbale. Anasamba m'manja, anapita kukhitchini akugwira khoma, amayi akuwaletsa iwo osamva. Anakhala pampando wa ndalema pafupi ndi mbaula n'kuyamba kundilamula: ufa uyambe wausungunula m'madzi ozizira, uthire pang'onopang'ono, dzanja lisaime. Phala litapsa analawa, anawonjezera mchere, ananyamula mbale okha mpaka pakhomo la chipinda cha bambo. Pamenepo anaima, n'kutembenukira kukhoma.

"Tadala, kawauze akamwini kuti phala amaphika chonchi."

Ndinalowa ndi mbale, ndinabwereza mawuwo. Bambo anali atafunda bulangete mpaka m'khosi, maso ofiira.

"Kawauze kuti ndamva," anatero.

"Akuti amva, agogo."

"Uwauzenso kuti msana wawo uli ndi mafupa ambiri. Azidya." Anakhosomola pang'ono, osachoka pakhomopo. "Ndipo akadzuka anditsitsire tsache langa. Ndaliona lili padenga."