Kalata yokhudza zotsatira za kuyeza khomo la chiberekero

Okondedwa Mayi,

Ndakulemberani kalata ino kuti ndikufotokozereni zimene zapezeka m'maselo amene tinatenga pa khomo la chiberekero chanu pa 4 Febuluwale, komanso kuti ndikuitaneni kudzayezedwa mozama. Ndiyambe ndi mawu amene ndikufuna kuti muwasunge mumtima pamene mukuwerenga zotsalazi: zotsatirazi sizikunena kuti muli ndi khansa.

Akatswiri a ku labotale apeza zinthu ziwiri. Choyamba ndi kachilombo ka HPV ka mtundu wa 16, kamene kangathe kusintha maselo a pa khomo la chiberekero, ndipo chachiwiri ndi maselo ena amene asintha kwambiri maonekedwe ake. Maselo oterewa sapweteka ndipo kawirikawiri saonetsa chizindikiro chilichonse, n'chifukwa chake mwakhala mukudzimva kuti muli bwinobwino. Akasiyidwa osathandizidwa, mwa amayi ena amatha kusanduka khansa, koma zimenezi zimachitika pang'onopang'ono, nthawi zambiri patapita zaka 15 mpaka 20, ndipo zimafulumirako mwa munthu amene chitetezo cha m'thupi mwake chatsika. Choncho tawapeza pa nthawi yabwino, pamene kuwachotsa sikuvuta.

Amayi ambiri akamva za HPV amayamba kukayikira amuna awo kapena kudziimba mlandu, ndipo ndikupempheni kuti musatero. Kachilomboka kamafala pogonana, inde, koma n'kofala kwambiri moti anthu ochuluka amakatenga nthawi ina pa moyo wawo osadziwa, ndipo kangathe kukhala phee m'thupi kwa zaka zambiri kasanaonekere. Palibe dokotala amene angakuuzeni kuti munakatenga liti kapena kwa ndani.

Takukonzerani malo Lachiwiri pa 18 Malichi, nthawi ya 9 koloko m'mawa, ku chipinda chathu choyezeramo amayi, kuti tidzachite chimene timachitcha koloposikopi. Mudzagona monga momwe munagonera poyezedwa ulendo wathawu, ndipo ndidzalowetsa kachipangizo kotsegulira njira kofanana ndi kaja. Kenako ndidzayang'ana khomo la chiberekero ndi makina okhala ndi nyali komanso magalasi okulitsa zinthu. Makinawo salowa m'thupi, amaima panja. Ndidzapaka pa khomopo madzi okhala ngati viniga, amene amachititsa malo osinthawo kuyera, ndipo mwina ndidzapakanso ayodini. Ndikaona malo okayikitsa ndidzatengapo kachidutswa ka mnofu kakang'ono kwambiri kuti kakaunikidwe, ndipo pamenepo mungamve ngati kutsinidwa kapena ngati cham'mimba cha kumwezi kwa kanthawi. Zonse zimatenga mphindi 15 kapena 20, namwino wamkazi adzakhala nanu, ndipo mukanena kuti tiime tidzaima.

Kwa tsiku limodzi lathunthu musanabwere musagonane ndipo musaike mankhwala kapena chinthu china kumaliseche. Mudye monga mwa masiku onse, mutenge thewera la amayi chifukwa mungadzaone timagazi kapena zakuda pang'ono kwa masiku angapo, ndipo ngati mukufuna mubwere ndi munthu amene mumamukhulupirira. Mutiuziretu ngati muli oyembekezera kapena mukuganiza kuti mwaima, popeza kuyezaku sikuvulaza mwana koma chithandizo timachichedwetsa mpaka mutabereka. Mutiuzenso ngati mumamwa mankhwala oletsa magazi kuundana, ngati muli ndi HIV, kapena ngati thupi lanu limadana ndi ayodini. Tsikulo likakumana ndi msambo wochuluka, tiimbireni pa nambala imene ili pa khadi lanu kuti tisankhe tsiku lina lapafupi.

Zotsatira za kachidutswako zimatuluka pakatha milungu ingapo, ndipo ndi zimenezo zimene zidzatiuze zochita. Zikatsimikizira kuti maselowo asinthadi kwambiri, tidzachotsa malo ochepawo ndi kawaya kopyapyala ka magetsi titabaya mankhwala ochititsa dzanzi, ndipo mudzabwerera kunyumba tsiku lomwelo. Pambuyo pake mudzapewa kugonana kwa milungu 4, kenako tidzakuyezaninso pakatha miyezi 6. Munandiuza kuti mukufuna kudzakhalanso ndi mwana wina, ndipo sindinaiwale. Chiberekero sitichichotsa, ndipo amayi ambiri amabereka bwinobwino atalandira chithandizochi, ngakhale kuti chimawonjezerako pang'ono chiopsezo choti mwana abadwe masiku asanakwane. Nkhani imeneyi tidzakambirana modekha musanavomereze chilichonse.

Mukayamba kutaya magazi mutagonana kapena pakati pa misambo, kapena mukamatuluka zonunkha, musadikire tsikulo, bwerani msanga. Mafunso amene akukuvutitsani muwalembe papepala kuti mudzabwere nawo, ndipo chonde musaphonye pa 18 Malichi.

Ine wanu,

Dokotala wa matenda a amayi