Pempho la mabuku odalirika pa zaka za Joseph Booth

Wokondedwa Mayi Woyang'anira Laibulale,

Ndine wophunzira wa chaka chachitatu wa mbiri yakale pa Yunivesite ya Malawi kuno ku Zomba, ndipo ndikulemba kafukufuku wokhudza mmishonale Joseph Booth, amene anafika m'dziko muno mu 1892 n'kuyambitsa Zambezi Industrial Mission ku Mitsidi.

Zoti anapita ku America ndi John Chilembwe mu 1897 sindikukayika, koma mabuku awiri amene ndawerenga akusiyana pa chaka chimene anachoka ku Nyasaland komaliza, ndipo palibe limene likutchula gwero lake. Chonde mundiuzeko mabuku ofufuziramo amene zaka zake zinachokera m'makalata a nthawi imeneyo, komanso ngati kuli kofunika kuti ndikafufuzenso ku National Archives.

Ndiyenera kupereka ntchitoyi Lachisanu sabata yamawa.

Ine wanu modzichepetsa,
Wophunzira wa mbiri yakale