Mutu 4, gawo 4.1: zotsatira, zolembedwanso

Aphunzitsi, nali gawo lija munalibweza Lachiwiri. Munalemba m'mbali kuti "tebulo ndaliona kale, undiuze chimene waonamo." Ndachotsa ndime zitatu zimene zinkangowerenga manambala mzere ndi mzere. Tebulo 4.1 lili momwe linalili.

4.1 Kukula kwa chiwerengero cha anthu m'boma la Lusaka, 2000 mpaka 2022

Boma la Lusaka likukulabe, koma lasiya kuthamanga kuposa dziko lonse. Ichi ndicho chachikulu chimene makalembera a 2000, 2010 ndi 2022 akuonetsa (Tebulo 4.1).

Kuchokera mu 2000 kufika mu 2010, anthu a m'bomali anawonjezeka ndi 61 peresenti, pamene a Zambia yense anawonjezeka ndi 32 peresenti. Kalembera wotsatira anapeza zinthu zitatembenuka: Lusaka 26 peresenti, dziko pafupifupi 50 peresenti. Komanso nyengo ziwirizi sizofanana kutalika. Yoyamba ndi ya zaka 10, yachiwiri ndi ya zaka 12, popeza kalembera amene anayenera kuchitika mu 2020 anachitika mu 2022. Choncho Lusaka anali ndi zaka ziwiri zapamwamba, koma anakulabe mochepa.

Tikagawa pa chaka kusiyanaku kumaoneka bwino. M'nyengo yoyamba bomali linkalandira anthu owonjezera pafupifupi 66,000 chaka chilichonse. M'nyengo yachiwiri, pafupifupi 38,000. Dziko lonse linachoka pa 320,000 pa chaka kufika pa oposa 540,000. Kutsikaku sikuli m'maperesenti mokha ayi, ngakhale mitu ya anthu owonjezeka yachepa.

Zotsatira zake n'zakuti gawo la Lusaka pa anthu onse a m'dziko linakwera kenaka n'kubwerera pomwe linali: 11 peresenti mu 2000, 13 peresenti mu 2010, 11 peresenti mu 2022. Anthu a m'bomali achuluka kawiri, kuchoka pa 1.08 miliyoni kufika pa 2.2 miliyoni, komabe mu 2022, monga mu 2000, mwa anthu 9 alionse a mu Zambia mmodzi ndiye ankakhala m'boma la Lusaka.

Manambalawa ndi a boma la Lusaka lokha. Anthu okhala ku Chongwe, ku Chilanga ndi ku Kafue sali m'gululi, ngakhale amene amagwira ntchito m'tauni tsiku lililonse. A 2022 ndi a lipoti loyambirira la ZamStats, bungwe loona za kalembera mu Zambia.

Aphunzitsi, ndinafunitsitsa kulemba kuti anthu asamukira kumaboma oyandikira chifukwa mapuloti mumzinda adula, popeza tonse tikuona nyumba zimene zamangidwa m'mbali mwa msewu wa ku Chongwe. Koma tebuloli silinena zimenezo, ndiye ndazisungira Mutu 5. Ngati gawoli lili bwino, 4.2 ndiitumiza Lolemba.