Pempho loti muleke kundidula ndalama za ngongole imene ndinamaliza kubweza

Nthambi ya Lizulu,
Ntcheu.

3 Disembala 2025

Kwa Mkulu Woyang'anira Antchito,
Likulu la kampani,
Dedza.

Kudzera kwa Woyang'anira Nthambi ya Lizulu.

Bwana,

Ndalemba kalatayi kupempha kuti ofesi yanu isiye kudula K58,500 pa malipiro anga mwezi ndi mwezi, chifukwa ngongole imene ndalamazi zimabweza inatha kale. Ndine wosunga katundu pa nthambi ya Lizulu, ndipo nambala yanga ya ntchito ndi 0217.

Mu Malichi 2024 ndinakongola K900,000 ku bungwe lobwereketsa ndalama lija limene ambiri a ife timakongolako. Ndinasayina fomu yolola kampani kuti izindidula K58,500 pamwezi kwa miyezi 24 n'kumatumiza ku bungwelo, ndipo kudulako kunayamba mu Epulo chaka chomwecho. Chaka chino mbatatesi yanga inachita bwino. Nditagulitsa, ndinaona kuti n'kwanzeru kuthana nayo ngongoleyo msanga kusiyana n'kumapitiriza kulipira chiwongoladzanja. Pa 27 Ogasiti 2025, ndalama ya mwezi umenewo italowa kale, anandiwerengera zotsala ndipo zinakwana K352,000. Ndinalipira zonse tsiku lomwelo ku banki. Pa 29 Ogasiti bungwelo linandipatsa kalata yachidindo yotsimikiza kuti ndilibe nalo ngongole ina iliyonse.

Kalatayo ndinaipereka ndekha ku ofesi ya zachuma pa 2 Sepitembala, ndipo anandisayinira pa kope langa kuti alandira. Komabe peyisilipi ya Sepitembala inabwera ndi mzere womwe uja wa ngongole. Ndinaganiza kuti mwina kalata inafika malipiro atakonzedwa kale, choncho ndinangodikira. Ya Okutobala inabweranso chimodzimodzi, ya Novembala chimodzimodzinso. Pamodzi, ndadulidwa K175,500 pa ngongole yoti kulibe.

Nditafunsa ku ofesi ya zachuma anandiuza kuti iwo amatsatira mndandanda umene obwereketsa amatumiza mwezi uliwonse, ndiye dzina langa likakhalapo sangachitire mwina. Kwa obwereketsa nako akuti akaunti yanga inatsekedwa, ndipo woyenera kuleka kudula ndi wondilemba ntchito. Aliyense akuloza mnzake, pamene ndalama zikuchoka m'thumba mwa ine. Ndikumvetsa kuti anzathu a zachuma ali ndi ndondomeko yawo, ndipo sindikuloza chala munthu. Koma chilolezo chimene ndinasayina chinali cha ngongole imodzi yokhayo. Ngongoleyo itatha, chilolezocho chinathera pomwepo, ndipo ngati pakufunika kuti ndinene molemba, kalata ino ikhale umboni woti ndachichotsa kuyambira lero. Amene amandilipira ndi kampani, osati obwereketsa, n'chifukwa chake ndabwera kwa inu.

Bwana, K58,500 ingaoneke yochepa m'mabuku a kampani, koma kwathu ino ndi nthawi yobzala. Feteleza amene ndinkayembekezera kugula ndi ndalama zimenezi sindinagule, ndipo mu Januwale ana awiri akufunika fizi. Ndinadzimana n'kupereka ndalama zonse za mbatatesi pofuna kuti miyezi ino ndipumeko. M'malo mwake ndikulipira kawiri.

Choncho ndikupempha kuti dzina langa lichotsedwe pa mndandanda wa odulidwa malipiro a Disembala asanatsekedwe, poti mwezi uno amakonzedwa msanga chifukwa cha Khirisimasi. Za K175,500 ija, ngati ina ikadali m'manja mwa kampani, ndikupempha ibwezedwe limodzi ndi malipiro a mwezi uno. Ngati inatumizidwa kale, mundithandize ndi chikalata choonetsa tsiku ndi kuchuluka kwa ndalama zimene zinapita mwezi uliwonse, komanso kampani ilembere bungwelo kuti libweze. Popanda umboni umenewu andibwezanso pakhomo. Akakana ngakhale ataona umboniwo, ndikadandaula ku Reserve Bank of Malawi, imene imayang'anira mabungwe obwereketsa ndalama, ndipo kumenekonso zikalata zomwezi zidzafunika.

Ndaphatikiza makope a risiti ya ku banki ya pa 27 Ogasiti, kalata ya obwereketsa ya pa 29 Ogasiti yokhala ndi siginecha ya amene anailandira ku ofesi ya zachuma, ndi mapeyisilipi a Sepitembala, Okutobala ndi Novembala. Zikalata zenizenizo ndili nazo, ndipo nditha kubwera nazo ku Dedza tsiku lililonse limene mungandiitane.

Ndingathokoze mutandiyankha molemba pofika Lachitatu, pa 10 Disembala, kuti ndidziwe pamene nkhaniyi yafika malipiro asanatuluke.

Ine wantchito wanu,

Wosunga katundu, nthambi ya Lizulu
Nambala ya ntchito 0217

Kope: Mkulu wa Zachuma