Kalozera wa mafunso: atolankhani a ku Nkhotakota ndi nkhani zomwe amadziletsa okha kutulutsa

A Yusufu ndi a Tadala, kalozera uja ndi ameneyu, muwerenge kawiri musanapite kwa munthu woyamba Lolemba. Tikufuna anthu 14, ena a mawailesi a m'dera, ena otumiza nkhani ku Zodiak, Times, Nation kapena MBC ali konkuno, ena a ku ofesi yofalitsa nkhani za boma, ndipo pakhale amayi osachepera 5. A Yusufu mutenga pa boma ndi Benga, a Tadala Dwangwa mpaka Dwambazi. Kucheza kumodzi mphindi 60, zikatalika zisiyeni zitalike bola mwini wake sakutopa.

Chachikulu nchakuti funso loti "kodi mumadziletsa kulemba nkhani chifukwa choopa andale?" mulibe muno ndipo musalifunse. Mtolankhani aliyense ayankha kuti ayi ine ndine wolimba mtima, kucheza kwathera pomwepo. Ife tikufuna nkhani yeniyeni imodzi yomwe inafera m'kope kapena m'foni, idafa bwanji, ndani adanena chani, iye adaganiza zotani usiku umenewo. Mawu oti mantha ayambe kuwatchula okha.

Malo asankhe okha koma osati ku steshoni kwawo, osati pa khonsolo, osatinso pa loji zomwe kumachitikira mawekishopu poti kumeneko aliyense amadziwa aliyense.

MAWU OYAMBA (werengani momwe alili)

Zikomo kwambiri polola kuti ticheze. Ine ndikuthandiza a Nabanda pa kafukufuku wa digiri yawo yachiwiri, akufuna kumvetsa momwe atolankhani a m'maboma mumasankhira nkhani yotulutsa ndi yosiya makamaka ikakhudza andale. Sitinatumidwe ndi chipani, boma, MACRA kapena mabwana anu. Dzina lanu, la steshoni kapena nyuzipepala yanu sizilembedwa paliponse, mukhala nambala basi. Funso lomwe simukufuna kuyankha mungoti tipitirire, mukafuna kusiya pakati palibe mlandu, ndipo ngakhale mawa mutaganiza kuti zomwe munanena zichotsedwe tidzachotsa. Ndalama yomwe ndikupatseni ndi yobweza thiransipoti, mulandira ngakhale mutasiya pa funso loyamba. Chonde musanditchulire dzina la munthu amene anakutsinani khutu pa nkhani iliyonse. Mukulola kuti ticheze? Nanga kujambula mawu mukulola kapena ndizingolemba?

Akakana rekoda musawanyengerere, lembani pamanja.

POYAMBIRA

Tandiuzeni munalowa bwanji utolankhani, ndipo pano mumagwira zotani tsiku ndi tsiku? Muli pa malipiro, mumalipidwa pa nkhani, kapena ndinu volontiya? Kwanu ndi konkuno kapena munabwera ndi ntchito?

Apa musachedwe, koma yankho la malipiro ndi la kwawo mulisunge m'mutu, mulifuna kutsogoloku.

NKHANI YOMWE SINATULUKE

Apa ndiye pali ntchito yonse, theka la nthawi lithere pano.

Yambani chonchi: tatengeni nkhani yomwe mwatulutsa posachedwa yokhudza MP, khansala, mfumu kapena khonsolo, inayenda bwanji kuchokera pomwe munaimva mpaka kumveka pa wailesi? Inadutsa m'manja mwa ndani?

Kenako: ilipo nkhani yomwe munaidziwa bwinobwino, mwina umboni munali nawo, koma sinatuluke? Tandifotokozereni kuyambira pachiyambi.

Mukafunsa limeneli khalani chete, olo mphindi yathunthu, musawathandize kuyankha. Akayamba kufotokoza muzingokokera pang'onopang'ono: ndani anayamba kunena kuti isiyidwe, inuyo kapena edita? Anagwiritsa mawu anji enieni? Alipo anaimba foni, ndipo anaimbira inu kapena abwana? Ngati panalibe woimba, chinakuuzani nchiyani kuti iyi njosagwira? Munauzako ndani, akunyumba kwanu anati bwanji? Munaipereka kwa mnzanu wa ku Lilongwe kapena Blantyre kuti atulutse yekha? Imeneyi mufunse ndithu chifukwa ndikuganiza kuti nkhani zambiri sizifa koma zimangosamuka, zimakatuluka ndi dzina la munthu yemwe sakumana ndi a MP pa maliro kapena kumsika wa pa boma.

Komanso kudziletsa sikusiya nkhani yonse kokha ayi, ndiye funsani: munayamba mwachotsa dzina la munthu nkulemba kuti "mkulu wina"? Kufewetsa mutu wankhani? Kudikira dala kuti wina ayambe kutulutsa? Pa pulogalamu yoimba foni, munayamba mwadula womvera pomwe amayamba kutchula wandale, kapena kusiya kuwerenga meseji yake? Munaphunzira kwa ndani kuti zimatero?

Akati ine sizinandichitikirepo, musatsutse, itembenuzeni: nanga anzanu m'boma muno, osatchula dzina, mwamvapo zotani? Kawirikawiri mnzake uja ndi iye yemwe, koma zimenezo musawauze, lembani m'mphepete mwa kope.

Akasowa poyambira mutha kutchula mitu, umodziumodzi osati yonse pakamodzi: ndalama za CDF, mndandanda wa olandira feteleza wotsika mtengo, chimanga cha thandizo madzi akasefukira, malo a alimi a nzimbe cha ku Dwangwa, mikangano ya ufumu, midzi yoyandikana ndi nkhalango ya Nkhotakota, ukonde woletsedwa pa nyanja, msewu wa M5. Musanene kuti pamenepo pali chinyengo, ife sitinafufuze zimenezo, funso ndi loti pa mitu imeneyi ndi uti umene mumauyenda mosamala ndipo chifukwa chani.

NDALAMA NDI UBALE

Wailesi kapena nyuzipepala yanu imayendera ndalama zochokera kuti? Alipo andale ogula nthawi ya mapulogalamu? Mu bodi muli ndani, osati maina koma maudindo, mafumu, azipembedzo, a khonsolo? Wogula pulogalamu akalakwitsa zinthu nkhani yake mumaitenga bwanji?

Mukapita ku msonkhano wa wandale mumayenda pa galimoto ya ndani? Za chipondamthengo zimakhala bwanji, ndipo mukalandira pobwerera mumalemba mosiyana? Anayamba akuchotsanipo pa mndandanda wa oitanidwa chifukwa cha nkhani, kapena pa gulupu ya WhatsApp yomwe mumamverapo za zochitika?

La chipondamthengo lifunseni nkhope ili bwinobwino ngati mukufunsa mtengo wa usipa, osaseka komanso osaoneka ngati mukuweruza, munthu wosalipidwa mwezi wonse envulopu imeneyo ndi ndiwo za ana. Ine sindikhulupirira zoti mtolankhani wa kuno amaopa kwambiri kumangidwa, ndikuona ngati choopsa kwa iye nkusiyidwa pa mndandanda ndi kudana ndi anthu opemphera nawo mzikiti umodzi kapena tchalitchi chimodzi, koma awa ndi maganizo anga, musawaike m'kamwa mwa munthu, mwina atitsutsa ndipo zikatero ndiye kafukufukuyo.

Kwa obadwira konkuno onjezerani: munayamba mwapeza kuti nkhani ikukhudza wachibale, mfumu ya kwanu kapena mkulu wa chipembedzo chanu? Uthenga woti siyani unadzera kwa ndani, amalume, apongozi? Kwa obwera: anakuuzanipo kuti ndinu mlendo musalowerere za eni dera?

Kwa amayi, ndipo a Yusufu ngati mayiyo akuoneka womangika musiyireni a Tadala: zoopseza kapena zonyoza zomwe mumalandira zimasiyana ndi za anzanu aamuna? Pa Facebook anakulembanipo zotani, ndipo zitatero munasiya kulemba za chani?

MALAMULO NDI ZOMWE ZINACHITIKIRA ENA

Pano tikufuna kumva zomwe zili m'mutu mwawo, si mayeso. Funsani kaye: ndi lamulo liti limene limakubwererani m'maganizo mukamalemba nkhani yokhudza wamkulu? Akamaliza ndiye mutha kukumbutsa izi.

Gawo 36 la malamulo aakulu a dziko a 1994 limapereka ufulu wofalitsa nkhani, ndipo lamulo lopezera mauthenga linayamba kugwira ntchito pa 30 Sepitembala 2020. Munaligwiritsapo ntchito kupempha zikalata ku ofesi ina iliyonse? Ngati ayi, chinakuletsani nchani?

Mu 2022 Nyumba ya Malamulo inachotsa milandu ya kugalukira boma ndi mawu, ndipo mu Julaye 2025 khoti linathetsa gawo 200 la Penal Code lomwe limapanga kuipitsa mbiri ya munthu kukhala mlandu wa upandu. Zasinthapo kanthu pa kalembedwe kanu? Nanga lamulo la 2016 la za pa intaneti lija, limakupangitsani kuganiza kawiri musanaponye kanthu pa tsamba lanu?

Mu Epulo 2022 apolisi anagwira a Gregory Gondwe a Platform for Investigative Journalism nkuwafunsa kuti aulule yemwe anawapatsa zikalata. Mutamva munayankhulana zotani ndi anzanu? Anthu okutsinani khutu anasintha? Kwa akuluakulu omwe analipo kale pa ntchito funsaninso za pa 20 Julaye 2011, tsiku la zionetsero pomwe atolankhani anamenyedwa ndipo mawailesi analetsedwa kuulutsa zochitikazo pompopompo, ndi zomwe anamva kwa achikulire a nthawi ya chipani chimodzi 1993 isanafike. Achinyamata izi zidumpheni.

Kwa mamaneja ndi maedita okha: mukamaganiza za layisensi ya MACRA, ilipo nkhani kapena mlendo wa pulogalamu yemwe munamukana? Mumawauza bwanji atolankhani anu za malire, zinalembedwa penapake kapena aliyense amangodziwa?

NTHAWI YA CHISANKHO

Tafanizirani kampeni ya 2019, ya chisankho chobwereza cha pa 23 Juni 2020 ndi ya pa 16 Sepitembala 2025, ntchito inkavuta liti ndipo amavutitsa anali ndani, olamula, otsutsa kapena anyamata a pa nsonkhano? Boma likasintha mitu yosagwira imasinthanso? Chipani atchule okha ngati akufuna, inu musatchule, ndipo zovala za mitundu ya zipani tsiku limenelo zisiyeni kunyumba.

KUMALIZA

Mutaopsezedwa lero mungathamangire kwa ndani, abwana, MISA Malawi, Media Council of Malawi, apolisi, kapena palibe? Mwana watsopano akabwera pa ntchito mumamulangiza kuti asamale ndi chani? Chingasinthe nchani kuti nkhani munaisiya ija muitulutse? Chilipo chomwe sindinafunse koma mumayembekeza kuti ndifunsa?

Thokozani, zimitsani rekoda iwo akuona. Zomwe anene rekoda itazima musalembe pokhapokha mutapempha ndipo alola. Wina akaulula kuti akuopsezedwa panopa musalonjeze kuti tithana nazo, mufunseni ngati akufuna timulumikize ndi a MISA Malawi, akakana zathera pomwepo koma ine mundiuze tsiku lomwelo.

Fayilo itchuleni ndi nambala yokha, a Yusufu muyambire `NK01`, a Tadala `DW01`. Osatumiza mawu pa WhatsApp, osasunga m'foni usiku, mukopere pa fulashi ndakupatsani ija nkufufuta pa rekoda. Polemba pepala la zokambirana chotsani chilichonse cholozera munthu, mwachitsanzo "mayi yekhayo wowerenga nkhani m'mawa" kuno ndi dzina kale limenelo. Mukamaliza awiri oyamba aliyense tikumane Lachinayi pa boma tione mafunso omwe akukanika.