Kalata yokumbutsa za ngongole yotsala ndi kupempha kuti tigwirizane za kabwezedwe kake

Ofesi yoona za malonda ndi ngongole
Kanengo, Lilongwe
3 Febuluwale 2025

Kwa Bambo mwini sitolo ya zipangizo zaulimi
Mponela, Dowa

Olemekezeka Bambo,

NDALAMA ZOTSALA PA INVOISI NAMBALA 2417: K6,000,000

Tikukupatsani moni ndipo tikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi banja lanu komanso onse amene mumagwira nawo ntchito pasitolo. Talemba kalatayi pofuna kukukumbutsani mwaulemu kuti pa invoisi nambala 2417 patsala ndalama zokwana K6,000,000 zomwe zimayenera kukhala zitaperekedwa pofika pa 18 Disembala 2024, komanso pofuna kukufotokozerani njira yomwe tikuganiza kuti ingakuthandizeni kumaliza ngongoleyi popanda kugwetsa bizinesi yanu.

Kuti tonse tiyambire pamodzi, tikufotokoza kaye zomwe zili m'mabuku athu. Pa 18 Novembala 2024 galimoto yathu inatula pasitolo panu matumba 60 a feteleza wokulitsa pa mtengo wa K110,000 thumba limodzi, matumba 40 a feteleza wobereketsa wa yuleya pa mtengo wa K105,000 thumba limodzi, ndi mapaketi 50 a mbewu ya chimanga, a makilogalamu asanu lililonse, pa mtengo wa K24,000 paketi imodzi. Katundu yenseyo anakwana K12,000,000 ndipo munasainira kuti wafika wokwanira ndi wosaonongeka. Tsiku lomwelo munapereka K4,000,000, kenaka pa 20 Disembala munaikanso K2,000,000 ku akaunti yathu ya kubanki. Ndalama ziwirizi tinazilandira ndipo tikuthokoza. Zotsala ndi K6,000,000, ndipo lero papita masiku 47 chidutsire tsiku lomwe tinapangana. Ngati m'mabuku anu muli ndalama ina yomwe munapereka koma sitinaitchule pano, chonde titumizireni chithunzi cha lisiti kapena cha kapepala ka kubanki kuti tifananitse mabuku tisanapite patsogolo.

Takhala tikuchita nanu malonda kwa nyengo zinayi zaulimi tsopano, ndipo m'nyengo zitatu zoyambazo simunachedwepo kulipira. Pachifukwa chimenechi sitikuona kuchedwa kwa ulendo uno ngati kuzemba. Mnzathu woyendera masitolo a m'chigawo chanu atakupezani mwezi wathawu, munamuuza mosabisa kuti gawo lalikulu la feteleza munalipereka pangongole kwa makalabu a alimi omwe mwakhala mukugwira nawo ntchito, ndipo iwo adzakulipirani akakolola. Munanenanso kuti malonda a pakauntala atsika kwambiri chiyambireni Januwale. Zimenezi tikuzimvetsa, chifukwa miyezi ino alimi ambiri ndalama yomwe apeza imathera kugula chimanga chodya ndi kulipira aganyu, ndipo sitolo ya zipangizo zaulimi imatha tsiku lonse itangogulitsa mabotolo ochepa a mankhwala ophera mbozi. Tikanati tikukakamizeni kupereka K6,000,000 yonse mwezi uno, tikudziwa kuti mukanangotilonjeza zomwe simungakwanitse, kapena mukanathamangira katapila, ndipo zonse ziwirizi sizikanatipindulira ife kapena inu.

Komabe tiyenera kunena chilungamo kuti nafenso katunduyu tinamutenga kwa ena omwe akudikira ndalama zawo pa masiku oikika, ndipo ngongole ikakhala yopanda tsiku lodziwika lobwezera imatilepheretsa kukonzekera zoitanitsa katundu wa nyengo ikubwerayi. Chomwe tikupempha kwa inu ndi masiku enieni ndi ndalama zenizeni zomwe tonse tingadalire, ngakhale zitayamba zochepa.

Tikuganiza zogawa ngongoleyi m'magawo asanu ndi limodzi, motsatira m'mene ndalama zimayendera kwa alimi a kwanuko. M'miyezi iwiri yovutayi tikupempha zochepa: K300,000 pofika pa 28 Febuluwale, ndi K300,000 ina pofika pa 28 Malichi. Pofika pa 30 Epulo, pamene soya ndi nyemba zimakhala zitayamba kulowa pamsika ndipo misika ya fodya imakhala ikutsegulidwa, tikupempha K900,000. Magawo atatu otsalawo ndi a K1,500,000 lililonse, ndipo masiku ake ndi 30 Meyi, 30 Juni ndi 31 Julayi 2025, nthawi yomwe makalabu amakhala atagulitsa fodya, mtedza ndi chimanga. Mukaphatikiza magawo onsewa akukwana K6,000,000 ndendende, kutanthauza kuti pofika kumapeto kwa Julayi akaunti yanu idzakhala yoyera, patatsala nthawi yokwanira yoti tikambirane za katundu wa nyengo yotsatira.

Magawo awiri oyambawo ndi aang'ono dala. Tikudziwa kuti K600,000 siichepetsa ngongoleyi kwenikweni, koma ikaperekedwa pa nthawi yake idzatipatsa poimira pamaso pa akuluakulu a kampani yathu, amene avomera dongosololi pokhulupirira mbiri yanu yabwino. Tikukulangizaninso, ngati simunatero kale, kuti mukhale pansi ndi atsogoleri a makalabu aja mwezi uno ndi kulemberana masiku omwe adzakulipireni, makamaka masiku ogwa sabata imodzi kapena ziwiri tsiku lanu lolipira kwa ife lisanakwane. Taona kwa amalonda ena kuti ndalama ya zokolola ikafika m'manja mwa mlimi imakhala ndi eni ake ambiri, ndipo amene alibe pepala losainirana ndi amene amalipidwa pomaliza.

Pa nkhani ya chiwongoladzanja, mukumbukira kuti mgwirizano womwe tinasainirana umatilola kuwonjezera K3 pa K100 iliyonse mwezi uliwonse pa ndalama zomwe zadutsa tsiku lake. Pa K6,000,000 imeneyo ikanakhala K180,000 pamwezi. Tagwirizana kuti tisakulipiritseni chiwongoladzanja chilichonse, kuyambira cha masiku omwe apita kale mpaka pa 31 Julayi, malinga ngati magawo onse aperekedwa monga tafotokozera. Mukapeza ndalama msanga n'kufuna kulipira zochuluka kuposa gawo la mwezi umenewo, kapena kumaliziratu ngongole yonse, muli ndi ufulu wotero ndipo palibe chilango chilichonse.

Pali njira inanso yomwe ingachepetse katunduyu pamutu panu nthawi yomweyo. Mnzathu uja anaona kuti m'chipinda chosungiramo katundu mukadali matumba 12 a yuleya osatsegula, osanjikidwa bwino pamatabwa. Nthawi yothira feteleza wobereketsa m'minda yambiri ikupita kumapeto, ndipo yuleya akakhalitsa m'nyengo ya chinyezi amayamwa madzi n'kuuma mabuma, zomwe zimachititsa kuti ogula azinyinyirika pa mtengo. Ndife okonzeka kuwalandiranso matumbawo pa mtengo womwe munagulira wa K105,000, bola akhale osang'ambika, ouma ndi osokedwa monga anachokera kuno. Onse pamodzi akukwana K1,260,000, choncho ngongole ingatsike kufika pa K4,740,000, ndipo tingachotse ndalamayo pa gawo lomaliza kuti pa 31 Julayi mudzangopereka K240,000. Galimoto yathu imadutsa pa Mponela Lachisanu lililonse popita ku Kasungu, ndipo ingawatenge pobwerera popanda inu kulipira mayendedwe. Mwina mungakonde kuwasunga kuti mudzagulitse kwa alimi a m'madimba kuyambira mwezi wa Meyi, ndipo chimenecho n'chiganizo chomveka ngati chipinda chanu sichidontha. Chisankho chili kwa inu, koma mwayi wobweza matumbawu udzatha pa 14 Febuluwale, chifukwa kupitirira apo nafenso sitingawapezere msika msanga.

Polipira, chonde gwiritsani ntchito akaunti ya kubanki yomwe yalembedwa m'munsi mwa invoisi, ndipo pa kapepala koikira ndalama muzilembapo nambala 2417 kuti ndalamayo isasokonekere ku akaunti ya kasitomala wina. Magawo awiri oyambawo mukhoza kutumiza pa Airtel Money kapena pa TNM Mpamba ku nambala za kampani zomwe zili pa invoisi yomweyo, koma magawo akuluakulu ndi bwino adzere kubanki. Tikupempha kuti musapereke ndalama pamanja kwa dalaivala kapena wantchito wathu wina aliyense, ngakhale mukumudziwa bwino, pakuti ndalama yomwe ilibe lisiti ya ofesi ino sitingathe kuiwerengera. Gawo lililonse likafika tidzakutumizirani lisiti ndi chikalata choonetsa zotsala pasanathe masiku awiri ogwira ntchito.

Pa nthawi yonse ya dongosololi mukhoza kupitiriza kugula katundu kwa ife pa mtengo wa oda monga mwa masiku onse, koma polipiriratu. Sitikufuna kuti mashelefu anu akhale opanda kanthu, chifukwa ndi malonda omwewo amene adzabweze ngongoleyi. Zotenga katundu pangongole taziimitsa kaye, ndipo tidzaziunikanso gawo la pa 30 Meyi likaperekedwa, pamene theka la ngongoleyi lidzakhale litabwezedwa.

Tikudziwa kuti zaulimi sizipanganika, ndipo mitengo ya zokolola kapena kuchedwa kwa malipiro a fodya kungasokoneze zomwe mwakonza. Mukaona kuti gawo lina likuvutani, tidziwitseni kutatsala masiku asanu ndi awiri tsikulo lisanakwane, kudzera pa foni kapena pa kalata, ndipo tidzakambirana zosuntha tsikulo kapena kugawa gawolo pawiri. Chomwe sitingathe kupirira ndi kukhala chete. Magawo awiri akadutsa motsatizana osaperekedwa komanso popanda mawu aliwonse ochokera kwa inu, dongosololi lidzatha mphamvu, ndalama zonse zotsala zidzafunika nthawi imodzi pamodzi ndi chiwongoladzanja kuchokera pa 18 Disembala 2024, ndipo nkhaniyi idzachoka m'manja mwa ofesi ino kupita kwa maloya a kampani. Tanena zimenezi kuti zonse zikhale poyera kuyambira pachiyambi, ndipo malinga ndi m'mene tikukudziwirani sitikuyembekezera kuti tingafike pamenepo.

Ngati mwagwirizana ndi dongosololi, chonde sainani pa makope onse awiri a kalatayi, musunge imodzi, inayo mutibwezere pofika Lachisanu pa 14 Febuluwale 2025, ndipo mutiuzenso maganizo anu pa za matumba a yuleya aja. Ngati mukuona kuti masiku kapena ndalama zina sizikugwirizana ndi m'mene malonda anu akuyendera, musasaine chinthu chomwe mukudziwa kuti chidzakukanikani. M'malo mwake tilembereni masiku ndi ndalama zomwe mungakwanitse, bola ngongole yonse ithe pofika pa 31 Julayi, ndipo tidzaziganizira mofatsa. Mukhozanso kutipeza ku ofesi kuno ku Kanengo tsiku lililonse kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu, kapena kutiuza tsiku loti ineyo ndibwere ku Mponela tidzaonere limodzi mabuku.

Tikuthokoza chifukwa cha ubale womwe takhala nawo pa malonda, ndipo tikudikira yankho lanu pofika pa 14 Febuluwale.

Ine wanu pa ntchito,

Mkulu woyang'anira maakaunti a makasitomala